Zilembo 160 zokumbutsa wodwala tsiku lake

Aliyense amene wayendapo kuchipatala cha boma kuno ku Malawi amadziwa mmene tsiku lobwereranso limaperekedwera. Dokotala kapena namwino amalilemba m'buku la kuchipatala, amalitchula kamodzi pakamwa, kenako amaitana wotsatira pamzere. Bukulo likafika kunyumba limalowa m'sutikesi kapena m'jumbo kuti lisanyowe, ndipo limakhala momwemo kwa mwezi, miyezi itatu, nthawi zina isanu ndi umodzi. Pakati apa pamagwa maliro, mvula imayamba, feteleza amafunika, mwana amadwala. Tsiku lija limadutsa mwakachetechete, ndipo munthu amadzidzimuka botolo la mankhwala litatsala ndi mapilitsi awiri.

N'chifukwa chake zipatala zambiri padziko lapansi zinayamba kutumiza kauthenga kakafupi pafoni ya wodwala tsiku lisanafike. Kauthengako kamafunika kunyamula zinthu zitatu basi: tsiku, nthawi, ndi zimene munthu angachite ngati sangathe kubwera. Ziwiri zoyambazo aliyense amazikumbukira polemba. Chachitatucho n'chimene chimaiwalika kawirikawiri, koma ndicho chimasiyanitsa uthenga wothandiza ndi uthenga wongolamula.

Kodi umagwiradi ntchito?

Funsoli linafufuzidwa kale. M'chaka cha 2013, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linaphatikiza kafukufuku 8 wokhudza anthu oposa 6,600. Pa anthu 100 alionse amene sanakumbutsidwe, pafupifupi 68 ndiwo anafika pa tsiku lawo. Pa amene analandira uthenga wapafoni anafika pafupifupi 79, ndipo pa amene anachita kuyimbiridwa anafika pafupifupi 80. Apa zikusonyeza kuti uthenga wolemba umachita pafupifupi zimene kuyimba kumachita, koma pamtengo wotsika komanso popanda kumanga wogwira ntchito pafoni tsiku lonse.

Ziwerengerozi zikuonetsanso malire ake. Ngakhale atakumbutsidwa, anthu pafupifupi 20 pa 100 sanabwere. Kuiwala si chifukwa chokhacho chojombera kuchipatala. Wina alibe ndalama ya kabaza, wina bwana wamukaniza kuchoka pantchito, wina mtsinje wadzaza. Anthu oterewa sakufuna kuuzidwanso tsiku, chifukwa akulidziwa. Akufuna njira youzira achipatala kuti zavuta, n'kupatsidwa tsiku lina.

Ku Kenya anaona msanga ubwino wa uthenga umene munthu angathe kuuyankha. Pa kafukufuku wotchedwa WelTel, amene zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2010, anamwino ankatumizira anthu amene angoyamba kumwa mankhwala otalikitsa moyo funso la liwu limodzi sabata iliyonse, lofunsa mmene alili. Amene wayankha kuti pali vuto, kapena amene sanayankhe pakadutsa masiku awiri, ankayimbiridwa. Anthu a m'gululi anamwa mankhwala mokhulupirika kuposa anzawo amene sankalandira uthenga. Mphamvu ya njirayi inali pa namwino amene ankawerenga mayankho n'kutenga foni kuyimba.

Kuno kwathu nakonso nkhaniyi si yachilendo. Mu 2008 chipatala cha St Gabriel ku Namitete chinayamba kulumikizana ndi anthu odzipereka a m'midzi kudzera pa mauthenga apafoni, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya FrontlineSMS. Mu 2011 ku Balaka kunayamba Chipatala Cha Pa Foni, chimene kuwonjezera pa kuyankha mafunso chinkatumizira amayi oyembekezera ndi olera ana malangizo ndi zikumbutso. Ndipo mu 2021 bungwe la Lighthouse ku Lilongwe linayamba kutumizira ena mwa olandira mankhwala pa Martin Preuss Centre, ku Bwaila, zikumbutso zimene iwo angathe kuyankha. Uthenga umapita kutatsala masiku atatu, wina kutatsala tsiku limodzi, ndipo wodwala amatha kupempha kuti tsiku lisinthidwe.

Tiyeni tilembe umodzi

Tiyerekeze kuti mayi wina amene amalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi analemberedwa kuti adzabwerenso Lachiwiri pa 14 Okutobala. Mlembi wa pachipatala akapatsidwa ntchito yolemba chikumbutso koyamba, kawirikawiri dzanja limamutengera ku kalata ya muofesi. Amayamba ndi malonje aatali, amatchula dzina lonse la mayiyo, dzina la chipatala, dzina la matenda, chenjezo lakuti kulephera kubwera n'koopsa, kenako n'kumalizira ndi tsiku lolembedwa m'manambala okhaokha, monga 14/10. Pofika pamenepo malo atha, ndipo za kusintha tsiku sizinatchulidwe.

Uthenga womwewo ungalembedwe motere:

Moni. Tikukukumbutsani za tsiku lanu: Lachiwiri, 14 Okutobala, 8 koloko m'mawa. Ngati mudzabwera yankhani 1. Kuti musinthe tsiku yankhani 2, tikuyimbirani.

Kuwerenga chilembo chilichonse, nambala, chizindikiro ndi mpata wa pakati pa mawu, uthengawu uli ndi zilembo 155. Chilichonse chili ndi chifukwa chake.

Tsiku lalembedwa kawiri, dzina lake ndi deti lake. Anthu ambiri sakonza zochita zawo potsatira kalendala ya pakhoma, koma potsatira masiku a sabata: tsiku la msika, tsiku la banki ya m'mudzi, tsiku la mvano. Munthu akangoona kuti Lachiwiri, nthawi yomweyo amadziwa ngati lagundana ndi china. Deti limateteza kuti asasokoneze Lachiwiri la sabata ino ndi la sabata yamawa. Kulemba zonse ziwiri kumathandizanso kugwira cholakwa, chifukwa ngati dzina la tsiku ndi deti sizikugwirizana, wodwala kapena mlembi amazindikira kuti pena pake pasokonekera.

Mwezi walembedwa dzina lake. Deti la manambala okhaokha limasocheretsa. Pa 14/10 palibe vuto chifukwa kulibe mwezi wa 14, koma 03/04 ena amaliwerenga kuti 3 Epulo pamene mapulogalamu ambiri a pakompyuta ochokera ku America amatanthauza 4 Malichi. Mawu monga akuti mawa kapena mkuja ndi oyenera kuwapewa kotheratu, popeza wolemba sadziwa tsiku limene uthengawo udzawerengedwe. Foni ikhoza kukhala yozima masiku awiri podikira kutchajidwa pamsika, ndipo mawa la wolemba limasanduka dzulo la wowerenga.

Nthawi yalembedwa mmene anthu amayankhulira, 8 koloko m'mawa. Kulemba 14:00 kumamveka kwa wogwira ntchito m'chipatala, koma kwa agogo n'kosavuta kumva 2 koloko masana. Apa pali nkhani ina ya chilungamo. Zipatala zambiri za boma zimapereka tsiku lokha, osati ola, ndipo anthu amalawirira m'mamawa kuti akagwire malo pamzere. Chipatala chotero chisalembe ola ngati kuti munthu akangofika aonedwa nthawi yomweyo. Ndi bwino kulemba kuti mufike isanakwane 9 koloko m'mawa, ngati ndi mmene zinthu zimayenderadi. Wodwala amene anauzidwa 8 koloko n'kuonedwa 1 koloko masana sadzakhulupiriranso uthenga wotsatira.

Zimene siziyenera kulembedwa

M'chitsanzo chija mulibe dzina la wodwala, mulibe dzina la matenda, mulibenso dzina la mankhwala. Sizinaiwalike. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imagwiridwa ndi bambo, mayi, ana asukulu, ngakhale mnansi wobwereka kuti ayimbire m'bale wake. Ikakhala kotchajitsa, uthenga umatha kuonekera pagalasi wina aliyense n'kuuwerenga. Mayi amene amabayitsa jekeseni wolera miyezi itatu iliyonse mwamuna wake asakudziwa, kapena mnyamata amene sanaululire makolo ake kuti akumwa mankhwala otalikitsa moyo, akhoza kulowa m'mavuto aakulu chifukwa cha liwu limodzi.

Ngakhale dzina la chipatala lenilenilo limatha kuulula chinsinsi, ngati malowo amadziwika kuti amathandiza matenda amtundu umodzi. Chipatala cha mano kapena cha maso chingathe kutchula dzina lake mosavuta, pofupikitsa mawu ena kuti malo apezeke. Koma kumene nkhani ndi yachinsinsi, njira yabwino ndi kugwirizana ndi wodwala pa tsiku limene akulembetsa. Aonetsedwe mawu enieni amene azidzalandira, asunge nambala yotumizira pa dzina limene iye wasankha, ndipo afunsidwe ngati foniyo ndi yakeyake. Afunsidwenso chilankhulo chimene amawerenga bwino, chifukwa wa ku Rumphi kapena ku Mangochi sangakakamizidwe Chichewa. Akakana kulandira mauthenga, kukanako kulemekezedwe popanda kumusala pa thandizo. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024, koma ngakhale lisanabwere, kusunga chinsinsi cha wodwala unali kale udindo wa aliyense wogwira ntchito m'chipatala.

Nanga mawu oopseza? Ku London, pa zipatala za Barts Health, ofufuza anayesa kuwonjezera chiganizo chonena kuti munthu akajomba boma limataya mapaundi pafupifupi 160. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti ojomba anatsika kuchoka pa 11.1 kufika pa 8.4 pa anthu 100 alionse. Izi zikutsimikiza kuti mawu amene asankhidwa amasintha zochita za anthu. Koma sizikutanthauza kuti chiganizo chomwecho chingathandize mayi wa ku Ntchisi amene vuto lake ndi ndalama yoyendera. Amene amaopa kale kukalipiridwa ndi namwino chifukwa chochedwa, uthenga waukali ungomuwonjezera chifukwa china chokhalira kunyumba.

Kachizindikiro kamene kamakweza mtengo

Malire a zilembo 160 si lamulo la achipatala. Anachokera kwa akatswiri amene anakonza kayendedwe ka mauthenga apafoni ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980. Uthenga ukapitirira pamenepo umadulidwa m'zidutswa za zilembo 153, ndipo chidutswa chilichonse chimalipiridwa pachokha. Foni imazilumikizanso zikafika, koma kumene netiweki ndi yofooka, chidutswa china chimatha kuchedwa, ndipo ena amalandira uthenga wodukira pakati. Ngati chotsalira m'njiracho ndi chimene chinanyamula za kusintha tsiku, ndiye kuti ntchito yonse yawonongeka.

Olemba Chichewa ali ndi msampha wawo wapadera. Zilembo 160 zija zimatheka pokhapokha chilembo chilichonse chili m'gulu la zilembo wamba lotchedwa GSM-7. Mukalowa chimodzi chokha chakunja kwa gululi, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena kamene kamalola zilembo 70 zokha, kapena 67 pa chidutswa ngati uthengawo ndi wautali. Chilembo cha ŵ, chokhala ndi kachipewa pamwamba, sichili m'gululi. Chomwechonso kachizindikiro kopindika kamene mapulogalamu olembera makalata amaika okha m'mawu monga m'mawa, n'kofunika kapena ng'ombe. Koongoka kali m'gulu la zilembo wamba, kopindika ayi, ndipo ndi maso n'kovuta kusiyanitsa.

Tibwerere ku uthenga wa mayi uja. Uli ndi kachizindikiro kamodzi, m'liwu lakuti m'mawa. Kakakhala koongoka, zilembo 155 zimapita ngati uthenga umodzi. Mlembi akaulemba kaye m'pulogalamu ya makalata n'kuukopera, kachizindikiro kaja kamatha kupindika, ndipo zilembo 155 zomwezo zimadulidwa patatu. Chipatala chimene chikukumbutsa anthu 400 kawiri aliyense chimayembekezera kulipira mauthenga 800, koma chimapezeka chalipira 2,400. Kuzindikira vutoli n'kosavuta. Mafoni ambiri ndi mapulogalamu otumizira amaonetsa zilembo zotsala ndi kuchuluka kwa zidutswa. Chiwerengerocho chikalumpha mwadzidzidzi uthenga uli waufupi, ndiye kuti mwalowa chilembo chachilendo.

Akayankha 2, chimachitika n'chiyani?

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Tinene kuti chikumbutso chapita Loweruka pa 11 Okutobala, kutatsala masiku atatu. Mayi uja waona kuti Lachiwiri akhala ali kumudzi kukasesa manda, ndipo wayankha 2. Kuyambira pamenepo chipatala chili ndi ngongole kwa iye, chifukwa chinalonjeza kuti chimuyimbira.

Pafunika munthu wodziwika dzina amene ntchito yake ndi kuyang'ana mayankho tsiku lililonse logwira ntchito, komanso womulowa m'malo akadwala kapena akapita kutchuthi. Lolemba m'mawa munthuyo amayimba. Funso loyamba si la tsiku, koma lofuna kutsimikiza kuti akuyankhula ndi mwini wake, asanatchule chilichonse cha chipatala. Lachiwiri ndi la mankhwala: atsala a masiku angati? Ngati atsala a masiku asanu, tsiku latsopano liyenera kugwa mkati mwa masiku asanuwo. Ngati mayiyo sabwerako msanga, namwino ndiye ayenera kugamula zochita, kaya kutuma womuyang'anira ndi buku lake kumene malamulo a chipatala amalola, kaya kumuuza kuti apite kuchipatala chapafupi ndi kumene ali.

Kenako kalendala. Mayiyo anganene kuti abwera Lachitatu, koma 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo ndi holide. Zipatala zambiri zimakhalanso ndi masiku apadera a matenda ena, moti odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi saonedwa tsiku lililonse. Akagwirizana tsiku loyenera, liyenera kulembedwa m'kaundula kapena m'kompyuta nthawi yomweyo. Izi zikaiwalika, chikumbutso chachiwiri chimapitabe Lolemba madzulo chikunena za tsiku lakale, ndipo Lachitatu lisanafike dzina la mayiyo limakhala litalowa pamndandanda wa ojomba. Pomaliza, alandire uthenga wina wotsimikizira tsiku latsopano, wolembedwa mofanana ndi woyamba uja.

Kutumiza kutatsala masiku atatu kumathandiza pa zonsezi. Kumapereka mpata wakuti foni yozima iyatsidwe, wakuti munthu apeze ndalama yoyendera kapena apemphe chilolezo kwa bwana, komanso wakuti malo amene wasiya apatsidwe kwa wina. Chikumbutso cha kutatsala tsiku limodzi chimangothandiza woiwala.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapha njira yoyankhira isanayambe n'komwe. Choyamba, mauthenga ambiri a makampani amabwera ndi dzina m'malo mwa nambala, ndipo uthenga wotero nthawi zambiri suyankhika. Kulembamo kuti yankhani 2 n'kutuma munthu kukagogoda pakhomo la nyumba yopanda anthu. Chachiwiri ndi mayunitsi. Ngati kuyankha kumadya ndalama ya wodwala, amene alibe mayunitsi amangokhala chete, ndipo kawirikawiri ndi omwewo amene akuvutika kupeza yoyendera. Njira yake ndi nambala yaifupi imene chipatala chimalipirira mayankho, kapena kulola munthu kungofulasha. Ku Johannesburg, pa chipatala cha Themba Lethu, njira yokumbutsira ya TxtAlert inkalola odwala kutumiza uthenga waulere wopempha kuyimbiridwa pofuna kusintha tsiku. Chipatala chaching'ono chokhala ndi foni imodzi chingachite chimodzimodzi, posintha chiganizo chomaliza kuti chinene kuti mufulashe nambala ino, tikuyimbirani.

Kudziwa ngati zikuyenda

Lipoti lakuti uthenga wafika limangotanthauza kuti walowa m'foni. Silinena kuti wawerengedwa, kapena kuti foniyo idakali m'manja mwa wodwala. Anthu amasintha manambala, amataya mafoni, ndipo nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imatha kuipereka kwa munthu wina. Ichi ndi chifukwa chinanso chosalembera dzina ndi matenda, komanso chofunsira wodwala ulendo uliwonse ngati nambala yake idakali yomweyo.

Mwezi ukatha, woyang'anira chipatala ayenera kufunsa mafunso ochepa. Mwa mauthenga amene anatumizidwa, ndi angati anafika? Mwa amene anayankha 2, ndi angati anayimbiridwa, ndipo patapita nthawi yaitali bwanji? Mwa amene anapatsidwa tsiku lina, ndi angati anabwera? Mauthenga ambiri akamalephera kufika, vuto lili m'kaundula wa manambala. Akamafika koma palibe woyankha, mwina nambalayo siyankhika, mwina kuyankha n'kolipira, kapena anthu sanafotokozeredwe. Mayankho akamachepa mwezi ndi mwezi, kawirikawiri zimasonyeza kuti amene ankayankha poyamba sanayimbiridwe ndipo agwa ulesi.

Pali anthu amene uthenga wolemba sudzawafikira, monga amene alibe foni, amene satha kuwerenga, ndi okalamba amene maso achita chidima. Kwa iwo buku la kuchipatala, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi ndi womuyang'anira wodwala akadali njira yodalirika, ndipo chipatala chisachepetse maulendo otsatira ojomba poganiza kuti foni yamaliza zonse.

Kwa achipatala amene akufuna kuyamba, ntchito yoyamba si kugula pulogalamu. Asankhe kaye amene aziwerenga mayankho, amupatse foni ndi mayunitsi, ayese uthengawo pa foni yamabatani ndi anthu angapo a pamzere, kenako ayambe kutumiza. Ndipo inu amene mumalandira chikumbutso chotere, mukaona kuti tsikulo lakuvutani, yankhani tsiku lomwelo, werengani mankhwala amene atsala, ndipo mukasintha nambala uzani achipatala pa ulendo wotsatira.